Nsapato Zogona M'bokosi

Amuna anga anali ndi mapazi a thukuta. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa pa anthu onse amene anadzalankhula za mapaziwo, ine ndekha ndi amene ndinkawasambitsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa. Munthu uja ankati akavula nsapato n'kuponda pasimenti, ankasiya chidindo chonyowa, zala zonse kuoneka bwinobwino. Ndinkawaseka kuti ngakhale atathawa sangandisowe, ndidzangotsata madontho.

Tinkakhala pa sukulu ina ya mishoni m'mapiri a Dowa, komwe iwo ankaphunzitsa. Ine kwathu ndi ku Kasakula, iwo kwawo ndi kwa Dzoole. Pasukulupo tonse tinali alendo, koma ulendo wanga unali woposa, poti abale awo ankatha kudzuka m'mawa n'kufika dzuwa lisanapendeke, pamene wanga wondiyankhulira anali kuseri kwa mapiri. Tinali ndi mwana mmodzi woyamwa.

Ali mphunzitsi wamba, moyo wa mapazi awo unali wosavuta. M'kalasi ankavala nsapato zansalu, ndipo akangoweruka ankazitaya pakhonde n'kulowa mu nkhwayira zawo za matayala. Nkhwayirazo anawadulira munthu wina wa pamsika: pansi tayala lagalimoto, pamwamba malamba awiri opingasa ndi lina la kuchidendene. Sizinali zokongola ayi. Zinkadetsa phazi, fumbi linkalowa mmene likufunira, ndipo thukuta likachuluka phazi linkaterereka pamphirapo. Koma mphepo inkadutsa, ndipo akakhala pamthunzi pang'ono zala zinkauma zokha. Nyengo yotentha iliyonse kalinyetsu kankawayendera pakati pa kachala kakang'ono ndi kanzake: khungu kuyera, kuyabwa, iwo kukanda ndi kamtengo akuwerenga. Sukulu ikatsekera, nsapato n'kupuma, kankazilala. Sitinkakatcha n'komwe matenda.

Ndiye kunabwera uhedi. Ahedi akale anasamutsidwa, ndipo mpando anapatsa amuna anga, kudumpha mphunzitsi wina wachikulire amene anaphunzitsa pasukulupo kuyambira makoma ali a udzu. Achikulirewo anabwera kudzatiyamikira, anagwira chanza ndi manja awiri, anamwa tiyi wathu. Ine ndinkawayang'ana m'maso kufuna kuona chimene chinali kuseri kwa kumwetulirako, koma sindinaone kanthu, ndipo kusaona kanthuko ndiye kunandiopsa kwambiri. Aliyense ankadziwa kuti iwo ndi atcheyamani a chipani a m'dera lathu ankadyera mbale imodzi. Masiku amenewo munthu sunkafunika kulakwa kuti ulowe m'mavuto. Zinkangofunika wina anene kuti wakuona ukuoneka ngati ukunyoza.

Amuna anga anapita ku Mponela n'kubwerako ndi nsapato zakuda zonyezimira, zotseka mpaka m'kakolo, pamodzi ndi masokosi a nayiloni. Wogulitsa anawauza kuti n'zachikopa. Ine nditazinunkhiza ndinamva fungo la beseni latsopano, ndipo ndinanena.

"Izi ndi pulasitiki, bambo."

"Mayi, inu nsapato munazidziwira kuti?" anandiyankha akuseka.

Zoona, ine ndinali wa mapatapata, ndipo nthawi zambiri wa phazi lapansi.

Sukulu inatsegulira m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ahedi atsopano ankamanga zingwe kunja kukungocha, n'kudzamasula dzuwa litalowa. Loweruka ankavala, poti kumabwera makolo kapena a komiti. Lamlungu ankavala, poti kutchalitchi anali atayamba kukhala kutsogolo. Ngakhale popita kukaona dimba, ankati mwina akumana ndi munthu. Nkhwayira zija zinakankhidwira kunsi kwa bedi. Nditafunsa, anandiuza motsitsa mawu kuti hedi wopezeka ndi matayala kumapazi akuuza anthu kuti boma silisamala aphunzitsi ake, ndipo alipo amene angakonde kukanena zimenezo.

Madzulo aliwonse ndinkawatenthetsera madzi, kugwada, n'kuwasambitsa mapazi, monga anandilangizira anamkungwi. Sabata zingapo zisanathe ndinaona kuti kalinyetsu kaja kakula mtima. Khungu la pakati pa zala linali loyera mbuu, lofewa, likusendeka ndikangokhudza, ndipo pansi pake panali pofiira. Kenaka panang'aluka. Fungo lake ndisanene, mwana ankatembenuza nkhope. Ine mwa nzeru zanga ndinkapaka mafuta odzola ambirimbiri kuti pafewe, iwo n'kuvalanso masokosi ogona nawo kuti asakande. M'mawa ankalowetsa mapaziwo mu nsapato zomwe zinali zisanaume thukuta la dzulo.

Apa m'pamene anafika alamu anga, achemwali awo aakulu, atamva kuti mlongo wawo akutsimphina. Anali mayi wamtali, wa Chigwirizano kutchalitchi, wodziwa nyimbo zonse za m'buku popanda kuyang'ana. Anapempha kuona mapaziwo. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kutseka chitseko.

"Achimwene, nsapatozi mukavula mumaziika pati?"

"Pakhonde, kuti zipitidwe mphepo. Mayi akadzuka amazipukuta."

"Pakhonde!" Alamu anawomba m'manja kamodzi. "Munthu mwalanda mpando wa mnzanu, nsapato n'kumagoneka pakhonde? Ndiye mukudabwa chiyani?"

Kwathu kuno aliyense anakula akumva kuti munthu wokufunira zoipa amayambira kuphazi. Amatha kutapa dothi pamene waponda, amatha kukutchera panjira, amatha kukuthirira kanthu mu nsapato. Amuna anga anali munthu wa Baibulo ndi choko, ndipo pagulu zimenezi ankazitcha zachikunja. Koma tsiku limenelo sanaseke. Anangoti, "Achemwali, musatchule munthu dzina." Dzinalo panalibe analitchula, koma tonse atatu maso athu anapita kunyumba ya aphunzitsi achikulire aja. Inenso ndinakhulupirira, ndisaname. Mwinanso ndinaposa onse.

Lamulo la alamu linali lakuti nsapato zisaonenso kunja. Akangovula, zilowe m'bokosi lachitsulo limene tinkasungamo zovala za ukwati, loko n'kutseka. Ndipo ahedi asapondenso pansi ndi phazi losavala kapena ndi nkhwayira, kuopa kusiya chidindo choti wina atape. Kiyi anandipatsa ine, ndinamumangirira pa mpango. Alamu anabwerera kwawo ali okhutira kuti atseka njira zonse.

Tangoganizani. Nsapato yapulasitiki yoti yamwa thukuta tsiku lonse, kuitsekera yonyowa m'chitsulo, m'nyumba ya malata, mwezi wa Novembala. M'mawa ndikatsegula bokosi, mpweya wake unkandibweza m'mbuyo. Koma ine ndinkati ndi fungo la zimene anatithirazo zikutuluka.

Mvula itagwa zinthu zinanyanya. Matope a m'mapiri aja amamata, ndipo madzi akalowa mu nsapato zotere alibe potulukira. Linyetsu linachoka pakati pa zala n'kufalikira kunsi kwa phazi, timatuza tating'onoting'ono toyabwa koopsa. Ahedi ankaphunzitsa ataima ndi mwendo umodzi, winawo akuukhuza pa mwendo wa tebulo. Aphunzitsi achikulire tsiku lina anandipeza pachitsime n'kundifunsa kuti, "Ahedi mwendo uli bwanji, mayi?" Ndinayankha kuti ali bwino, n'kuthamangira kunyumba kukanena kuti mfiti yabwera kudzaona ngati ntchito yake ikuyenda.

Pa tchuthi cha Khirisimasi amuna anga anapita kwawo kwa Dzoole kukathandiza kupalira munda wa mayi awo. Ine ndinatsala, poti mwana anali ndi chifuwa komanso munda wathu unali ndi udzu. Nsapato anazisiya m'bokosi, kuopa kuziwononga ndi matope. Anatenga nkhwayira, poti kumudzi kwawo kunalibe womutapa mapazi mwana wa pakhomo. Kumeneko ankalima, kutsuka mapazi pamtsinje, n'kukhala pamwala mpaka aume. Anabwerako akuyenda ngati mnyamata. Ming'alu inali itatseka, kwatsala kofiira pang'ono ndi kusendeka. Ndinasangalala kwambiri mpaka ndinapha nkhuku.

Sukulu inatsegulira, ndinatsegula bokosi, ndinapukuta nsapato ndi polishi, ndinawapatsa. Posakhalitsa tinabwerera pomwe tinali, n'kupitirira.

Alamu anabweranso, ulendo uno ndi kamtolo koonetsa kuti sakubwerera msanga. Moni wawo kwa ine unali waufupi. Ndili kukhitchini ndinawamva akuyankhula ndi mlongo wawo, ndipo sanavutike n'kutsitsa mawu.

"Tiyeni tiwerengere bwinobwino, achimwene. Nsapato zili m'bokosi, wakunja sazifikira. Kwathu munachira. Mwabwerera kuno, zayambanso. Kiyi amasunga ndani? Amazipukuta ndani? Mapaziwo amawagwira ndani tsiku ndi tsiku? Nanga beseni ndi limodzi, thaulo ndi limodzi, bwanji iwo mapazi awo ali see?"

Ndinadikira kuti ndimve amuna anga akukalipa. Ndinadikira ndithu, chipande chili m'manja. Chimene ndinamva ndi mpando kulira pamene anasuntha, basi.

Ndinalowa. Ine mtima wanga ndi wapafupi, amayi anga ankanena kawirikawiri kuti udzandipweteketsa.

"Alamu, ngati muli ndi mawu ndi ine, ndili pano. Ndiwalodze kuti ndipindulenji? Ndidye uhediwo?"

"Sindinatchule munthu ine, alamu. Koma akazi a kwanu kumapiri uko timamva mbiri yawo. Mwamuna akakwera, amafuna kumukhazika pansi kuti asayende, angaone ena."

"Bambo, mukumva zimene akunena achemwali anuzi?"

Amuna anga anayang'ana pansi. Kenaka anatambasula dzanja, osandiyang'ana. "Mayi, bweretsani kiyiyo. Si kuti ndikuganiza kanthu. Kungoti pasakhale ponenera."

Ndinamasula kiyi pampango n'kumuponya patebulo. Mawu aja, "si kuti ndikuganiza kanthu," anandipweteka kuposa kunditukwana. Madzulo ake nditabweretsa madzi n'kugwada, anabweza mapazi kunsi kwa mpando. Anati asamba okha. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangoika beseni pakhomo la chipinda n'kubwerera.

M'nyumba muja munalowa kuzizira. Ndikapereka chakudya, alamu ankasinthanitsa mbale mochenjera, ya mlongo wawo n'kukhala yanga. Ndikapita kuchitsime, pobwera ndinkapeza zinthu zanga zagwiridwa: dengu la zovala, kachitini ka singano, ngakhale thewera la mwana. Inenso ndinayamba zanga. Ndinkati mwina alamuwa ali ndi mkazi wina kwawo amene akumusungira malo, poti hedi sangakhale ndi mkazi wosapitirira Sitandade 4. Ndinkati mwina iwo omwe ndi amene anachita kanthu tsiku loyamba lija atatseka chitseko. Aphunzitsi achikulire aja sindinawachotse pamndandanda, ndinangowonjezerapo. Munthu aliyense wodutsa pakhomo ndinkamuyang'ana kumanja kuti wanyamula chiyani.

Amuna anga sakanapita kwa sing'anga, mpingo ukanawadula. Choncho sing'anga anabwera m'thumba la alamu: masamba osinja osakaniza ndi zina zakuda. Ankamata pakati pa zala n'kukulunga ndi nsanza, pamwamba sokosi, pamwamba nsapato. Ine ndinkaonera patali. Ndinkadziwa kuti ndikangoti kanthu, adzati ndikuopa kuti mankhwala anga asukuluka.

Ndipo alamu anatumiza mawu kwa ankhoswe, a kwawo ndi a kwathu, kuti abwere adzamve nkhani. Tanthauzo lake ndinalidziwa. Mkazi wochotsedwa pa ukwati chifukwa cha ulesi amakwatiwanso, koma wochotsedwa ndi mbiri yothira mankhwala mu nsapato za mwamuna, mbiriyo imafika kwawo iye asanafike, ndipo mwana wake amakula akulozedwa chala. Ndinamanga zovala zanga ndi za mwana mu chitenje n'kuika pakona, kuti tsikulo likafika ndisadzatoleze zinthu anthu akundiyang'ana.

Ankhoswe asanafike, mwendo unatupa. Kutupako kunayambira pa phazi lamanzere, kufiira n'kumakwera m'msongolo, kutentha ngati mbale ya pamoto. M'mphechepeche munatuluka mwanabere. Munthu uja anayamba kunjenjemera masana dzuwa lili phwee, nsapato inakana kulowa. Alamu anati tidikire, mankhwala akulimbana ndi zoipazo. Apa ndiye ndinaiwala ulemu.

"Mudikire nokha! Akafera m'nyumba muno mudzati ndawapha ndine. Akafere kuchipatala, anthu aone."

Ndinapita ndekha kukapempha ngolo, ndipo amene anandibwereka ng'ombe zake, mosafunsa zambiri, anali aphunzitsi achikulire aja. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti akufuna chiyani pamenepa. Ngolo inatifikitsa kumsewu, ndipo galimoto ya fodya yobwerera yopanda katundu inatitengera kuchipatala cha ku Mtengowanthenga. Alamu anakwera nawo, akung'ung'udza kuti a mpingo wathu kukagwada kwa Akatolika, koma kusiya mlongo wawo m'manja mwanga sakanalola.

Adokotala amene anatilandira anali bambo wonenepa, wosathamanga poyankhula. Anamasula nsanza zija ndi kachitsulo, anataya, osafunsa kuti anamanga ndani. Anatsegula zala chimodzichimodzi.

"Aphunzitsi, mumavala chiyani kumapaziku?"

Amuna anga anafotokoza, monyadira pang'ono ngakhale anali kubuula.

"Mukavula mumaziyanika?"

Ndinayankha ndine. "Zimagona m'bokosi lachitsulo, lokiya."

Adokotala anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo ndikhulupirira anamva nkhani yonse, poti sanali mlendo m'dziko muno. Anati linyetsu ndi kanthu kamoyo kofanana ndi chuku chimene chimamera pa chimanga chosungidwa chisanaume. Kamakonda pofunda, ponyowa, posapita mphepo. Nsapato yapulasitiki ndi sokosi ya nayiloni sizimwa thukuta ndipo sizilitulutsa, choncho phazi limakhala m'madzi tsiku lonse. Kanthuko kamatsalanso mu nsapato momwemo, ndiye ukachira n'kuvalanso yosauma, wadzibwezera wekha. Kutupa kwa mwendoku, anati, ndi matenda ena amene alowera pa ming'alu ija, ndipo amenewo ndi amene akanatha kuwapha.

Alamu sanagonje. "Nanga akazi awowa bwanji alibe? Beseni ndi limodzi."

Adokotala anayang'ana mapazi anga a fumbi m'mapatapata. "Kutengera akanatha kutengera, ndipo thaulo asiyane kuyambira lero. Koma anthu sitifanana, mayi. Ena thukuta ndi lambiri, khungu lawo silichedwa kugwidwa. Komanso onani, mapazi awa ali pamphepo. Linyetsu likhala pati?"

Anawagoneka masiku angapo akubayidwa jakisoni mpaka mwendo unaphwa. Mapazi ankawaviika m'madzi osungunuliramo timibulu tina, madziwo n'kusanduka apepo, khungu ndi zikhadabo n'kuderako. Potuluka anatipatsa mafuta oyera a m'kabotolo, oluma akapaka, n'kutiuza kuti tisasiye kupaka pamene paoneka ngati papola, tipitirize sabata zina, poti kanthuko kamabisala. Pakati pa zala pazipukutidwa mpaka pouma, ndipo mafuta odzola aja asafikepo. Nsapato zotseka ayi, mpaka khungu litabwerera.

"Nkhwayira muli nazo?" anafunsa adokotala.

"Zilipo, koma ine ndine hedi."

"Mphira nayonso simwa thukuta, musaione ngati mankhwala. Muzitsuka, muziumitsa, musamale minga ndi matope poti phazi lili pamtunda. Koma ndi yotsegula, ndipo chimene mukusowa inu ndi mphepo. Mukadzachira mudzapeze zachikopa zenizeni kapena zansalu, masokosi a thonje, muzisinthanitsa ndi kuyanika padzuwa. Uhediwo muuone nokha, ine ndikuona mwendo."

Ine ndinkayesa kuti nkhani yatha. Koma tili pamsewu kudikira galimoto, alamu ananena mawu akuyang'ana kumbali: "Achipatala amaona nthenda. Woitumiza samuona." Ankhoswe anali akubwerabe Loweruka, ndipo mtolo wanga unali pakona pomwe ndinausiya.

M'mawa wa tsiku lobwerera kuntchito, belu loyamba linalira ahedi atakhala pabedi, tayi ali pakhosi, mapazi ali pansi. Panja ana anali kusonkhana pa mbendera, pamene hedi amayenera kuima kutsogolo nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Alamu anaima pakhomo la chipinda.

"Valani nsapato, achimwene, n'kanthawi kochepa. Mukaima pa mbendera ndi matayala, mawu afika kuboma dzuwa lisanalowe. Mukufuna kuwapatsa chonena adani anu?"

Amuna anga anatulutsa kiyi m'thumba la malaya n'kutsegula bokosi. Nsapato zija zinali zitakhalamo masiku onse a kuchipatala. Fungo linadzaza chipinda. Anatulutsa imodzi n'kuipendeketsa kuwindo, ndipo tonse tinaona m'kati mwake muli mbuu, chuku chitamera mpaka m'zingwe, chitagwiranso diresi langa la ukwati limene linali pansi pake. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananyamula zonse ziwiri n'kunditambasulira.

"Mayi, kaziyanikeni padzuwa."

Ndinadziwa chimene ankatanthauza, ndipo mkazi wofatsa akanalandira ndi manja awiri. Ine manja anga anakhala kumbuyo.

"Kayanikeni nokha, bambo. Ndingathiremo kanthu."

Alamu anati, "Mwamva mwano wake?" Koma amuna anga anadzuka. Anagwada movutikira, anakoka nkhwayira kunsi kwa bedi, anazikuntha fumbi, anavala. Anatuluka akutsimphina, nsapato zili m'manja, n'kudutsa khonde, kudutsa bwalo, mpaka pa thandala la mbale limene linali m'mphepete mwa njira yopita kuchitsime, pamene mudzi wonse ndi sukulu yonse zinkadutsa. Anaziika pamenepo, anazikanula malilime kuti dzuwa lilowe, n'kuzisiya popanda woziyang'anira. Alamu anagwira pakamwa.

Kuchokera pamenepo analunjika ku mbendera, jekete ndi tayi pamwamba, pansi matayala ndi zala zoderako ndi mankhwala. Ndinaima pakona pa nyumba mwana ali kumsana. Ndinamva kaphokoso ka ana akudziletsa kuseka, ndipo ndinaona aphunzitsi achikulire aja akuyang'ana mapaziwo nyimbo yonse. Masana ake atcheyamani a chipani anatulukira, ati akungodutsa. Anawauza ndani, sindidziwa mpaka lero, ndipo achikulire aja sindinawakhululukire kapena kuwapeza ndi mlandu. Ahedi anawalandira mu ofesi, anavula nkhwayira, anaika phazi pampando n'kuyamba kutsegula zala kuti alendo aone bwino. Akuti atcheyamani sanadikire phazi lachiwiri.

Madzulo ndinatenthetsa madzi monga mwa masiku onse, ndinaika beseni pakhomo la chipinda, n'kutembenuka.

"Mayi."

Ndinaima.

"Pakati pa zalapa sindifikira bwino. Msanawu."

Linali bodza. Munthu uja anakhala akudzifikira yekha nthawi yonse ija, msana uli bwinobwino. Ndinadikira kuti mwina pabwera mawu ena, aja amene munthu amanena akalakwira mnzake. Sanabwere, ndipo sanadzabwerenso m'zaka zonse zimene tinakhala limodzi. Chimene chinabwera ndi phazi, litatambasulidwa pamwamba pa beseni, achemwali awo akuona ali pampando.

Ndinagwada. Ndinasambitsa, ndinapukuta chala chimodzichimodzi ndi kansalu koyera, mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira, ndipo nditapaka mafuta oluma aja n'kuwamva akukoka mpweya m'mano, sindinawapepese.

Loweruka ankhoswe anafika, anapeza nsapato zili pathandala, mwini wake ali pakhonde mapazi ali m'manja mwanga. Anacheza za mvula ndi mitengo ya fodya, anadya, anabwerera. Alamu anapita nawo, ndipo potsanzikana anandiuza kuti aziona mmene ziyendere.

Mawu amenewo ndinawamva bwino. Ndinkadziwa kuti linyetsu likangobwerera, mlandu wanga ubwerera nalo, ndipo adokotala sadzakhalapo. Choncho m'mawa uliwonse, ahedi asanavale nkhwayira zawo, ndinkawakhazika pakhomo pamene pali kuwala, n'kutsegula kachala kakang'ono kaja kuti ndione ukwati wanga uli pati. Iwo ankati ndine mkazi wosamala. Mtolo uja unakhalabe pakona, ndipo ndinkatulutsamo chovala ndikachifuna n'kumanganso. Ndinadzaumasula mvula itatha, tsiku limene ndinapeza pakati pa zala pali pouma, khungu lili lakuda ngati la munthu wina aliyense.